Batala wa Kochi

Ndinagwira ntchito yotenga magazi pachipatala china cholipira kwa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo sindinasokonezepo botolo ngakhale limodzi. Ndayamba ndi zimenezi kuti mudziwiretu chimene anandilanda. Ena amanyadira nyumba, ena ana ophunzira. Ine ndinkanyadira mabotolo anga.

Kagwiridwe kanga kanali kamodzi. M'chipinda mumalowa munthu mmodzi, chitseko n'kutseka. Ndimufunse dzina ndi tsiku lobadwa, ndimate kapepala pabotolo iye akuona, ndimupatse awerenge yekha, kenako ndiitane wina. Anzanga ankandiseka kuti ngakhale mayi anga ondibala nditha kuwafunsa dzina. Ankanditchula kuti Anti Singano, ndipo dzinalo ndinkalikonda.

Kochi anali mayi wophunzitsa masewera olimbitsa thupi muholo ina pafupi ndi chipatalacho. Anali wowonda, wouma ngati chingwe cha njinga, ndipo m'mawa uliwonse ankathamanga makilomita khumi. Anali ndi gulu la anthu oposa makumi anayi amene ankawaphunzitsa kadyedwe kotchedwa keto. Lamulo lake linali losavuta kunena koma lovuta kusunga: buledi ayi, mpunga ayi, mbatata ayi, shuga ayi, ngakhale nthochi ayi. Udye nyama yonona, mazira, tchizi, masamba pang'ono, ndipo m'khofi uponyemo batala ndi mafuta a kokonati. Thupi likasowa shuga limayamba kuwotcha mafuta. Ndisaname, ambiri ankapinduladi. Mimba zinkaphwa, shuga ankatsika, ena dokotala ankawachepetsera mankhwala. Miyezi itatu iliyonse Kochi ankatumiza gulu lonselo kwa ife kudzayezetsa magazi, ndiye mutha kuganiza nokha mmene a Manijala athu ankamulandirira.

Iye mwini anali asanayezetse chiyambireni kadyedweko. Ankati munthu wangwiro ayezetsa chiyani. Koma Lachiwiri lina m'mawa anatulukira akukoka amuna ake, bambo wamkulu thupi, wofatsa, wodwala shuga, amene ankagwira ntchito yokonza mafiriji. Anawaimika pakati pa anthu odikira.

"Lero tiyezetsa tonse awiri," Kochi anauza aliyense amene anali ndi makutu. "Mapepala ndikawaika pagulu, anthu aone kusiyana kwa munthu womvera ndi chimimba ichi. Miyezi isanu ndi umodzi ndikuwaphikira, angotaya makilo asanu ndi atatu okha. Tanyamukani inu, mwamera mizu?"

Anayamba kulowa ndi Kochi. Ndinamufunsa dzina, iye n'kupukusa mutu.

"Anti, gulu langa lonse mumalibaya ndinu, dzina langa simulidziwa?"

"Ndikulidziwa, koma nenani."

Ananena, anawerenga kapepala pabotolo, n'kutuluka. Botolo lake ndinaliika m'thireyi, thireyi n'kupita kulabu. Kenako ndinaitana amuna ake. Bamboyo anakhala pampando, mpando n'kudandaula. Ndikufunafuna mtsempha, anandinong'oneza.

"Anti, kodi makina anuwo amaona mabanzi?"

"Mabanzi?"

"Dzulo masana kuntchito ndinadya awiri. Si dzulo lokha ayi. Njala imandipweteka, Anti. Koma chidyereni madzulo sindinalawe kanthu, monga munanenera. Musakawauze."

Ndinaseka, ndinawauza kuti za m'chipinda chino zimathera momwemuno. Anawerenga botolo lawo mokweza, dzina ndi tsiku lobadwa, ngati mwana wa sukulu wofuna kuyamikiridwa.

Zotsatira zinatuluka mawa lake. Pa zonse zimene timayeza m'mafuta a m'magazi, chimene anthu amathamangira kuona ndi LDL, amene ambiri amangomutchula kuti kolesitolo woipa. Akachuluka kwa zaka zambiri, amakanirira m'makoma a mitsempha, njira ya magazi n'kuchepa, mapeto ake n'kukhala matenda a mtima kapena sitiroko. Kwa munthu wabwinobwino timasangalala akakhala pansi pa 3. Wa bambo aja anali 2.9. Wa Kochi anali 9.4.

Sanadikire n'komwe kuti aonane ndi dokotala. Ndinangomva chitseko cha chipinda changa chikumenya khoma, ine singano ili m'mkono mwa mayi wina woyembekezera.

"Iwe! Wasintha mabotolo!"

Chiyambireni ntchito panalibe amene ananditchulapo kuti iwe pamalopo. Ndinamaliza kaye za mayi woyembekezera uja, kenako ndinatembenukira kwa Kochi.

"Mayi, munalowa nokha, munawerenga nokha."

"Tandiyang'ana bwinobwino! Mafuta ali pati pathupi pano? Tayang'ana uko!" Analoza amuna ake, amene anaima pakhomo atagwira chipewa. "Mafutawo ndi awo, akuchita kuyenda okha. Dzina lachiwiri n'limodzi, ndiye wangomatamata mapepala ngati ukumata mitengo pamsika."

A Manijala anabwera akuthamanga. Anayang'ana Kochi, anayang'ana bambo aja, anayang'ana mapepala awiriwo, ndipo ndinaona pankhope pawo kuti mlandu watha kale. Anali munthu wodziwa za ofesi, za magazi sankadziwa kanthu. Kwa iwo, monga kwa anthu ambiri, kolesitolo anali matenda a anthu onenepa basi.

"Pepani kwambiri, Kochi. Zikuonekeratu kuti pachitika chisokonezo. Anti, tengani chikwama chanu mukapume kaye kunyumba."

Bambo aja anandiyang'ana kamodzi, n'kugwetsa maso. Ndinadziwa chimene chinali m'mutu mwawo: mabanzi. Anali atakhulupirira kale kuti 9.4 ndi wawo, ndipo makina awagwira.

Madzulo a tsiku lomwelo mng'ono wanga ananditumizira uthenga wa mawu umene unkazungulira m'mafoni. Anali Kochi, akuuza gulu lake kuti gogo wina wa palabu maso anatha, wangotsala pang'ono kupha amuna ake powapatsa zotsatira zabwino zomwe si zawo. Anaikanso chithunzi changa, chimene anandijambula ndikutuluka ndi chikwama. Ndinamvetsera katatu, ndipo ndinalira ngati mwana.

A Dokotala athu aakulu, mayi wodekha wa imvi, anali kutchuthi sabata imeneyo. Atabwera anakana kusaina chilichonse mpaka magazi atengedwenso. Kochi anavomera, koma anabwera yekha, kudzera khomo la kuseri. Anati amuna ake atanganidwa ndi mafiriji. A Dokotala anamutenga magazi ndi manja awo, n'kukasiya okha kulabu.

Patatha masiku awiri anandiitana kuofesi ya a Manijala, poti dandaulo linali lokhudza ine. Kochi analipo, atakhala mwendo pamwamba pa unzake, botolo lake la khofi wa batala lili patebulo. Iye yemwe ndiye anati ndikhalepo, ndimve ndi makutu anga. A Dokotala anatsegula faelo.

"Mayi, zatuluka 9.7."

Ine ndinafuna kuvina.

"Makina anu ndi akufa," anatero Kochi.

"Theka la magaziwo tinatumiza kulabu ina. Apeza 9.5. Anti sanasinthe kanthu." A Dokotala anavula magalasi. "Ndikufotokozereni, chifukwa si inu woyamba. Anthu ambiri onenepa akayamba kadyedwe kameneka, LDL wawo sasuntha kwenikweni, ena amatsika kumene pamene thupi likuchepa. Amuna anu ali m'gulu limenelo. Koma pali ena ochepa amene LDL wawo amalumpha kawiri, katatu, ngakhale kuposa. Chodabwitsa n'chakuti kawirikawiri amakhala anthu ngati inu, owonda, othamanga, osunga lamulo osaphonya."

"Ndiye mukuti ndikulangidwa chifukwa chomvera?"

"Sindikunena za chilango. Taonani pano. HDL, uja amati wabwino, ali pamwamba, 2.4. Mafuta ena aja otchedwa matirayigilisalaidi ali pansi kwambiri, 0.5. Ndi mmene zimaonekera mwa anthu oterewa. Akatswiri ena akuganiza kuti thupi lowonda, lopanda shuga wosunga, limatumiza mafuta ambiri m'magazi kuti minofu ipeze mphamvu, ndipo timatumba tonyamula mafutawo tikatsitsa katundu timasanduka LDL. Sanagwirizane onse pa chifukwa chake. Batala ndi kokonati mukumwazi zikuwonjezera moto. Chithokomiro chanu tachiyeza, poti chikafooka chimakwezanso kolesitolo, koma chili bwino. Ndapezanso faelo yanu ya zaka zinayi zapitazo, musanayambe keto. Munali pa 2.7. Ndiye sindikuganiza kuti n'zakumtundu. N'zakudya."

"Koma sindikumva kupweteka paliponse."

"Kolesitolo sapweteka, mayi. Ena akakwera kwambiri amatuluka timabala tachikasu pazikope kapena tizotupa pamfundo za zala, koma ambiri saona chilichonse mpaka tsiku loipa. Alipo amene amati mwa anthu a keto LDL wotereyu alibe vuto. Umboni wa zaka zambiri woti n'kutsimikizira zimenezo palibe, ndipo ine sindingabetche mtima wanu pa nkhani yosatsimikizika."

"Ndiye nditani?"

"Chosavuta. Bwezerani pang'ono zakudya zija munasiya. Mbatata imodzi, mpunga pang'ono, magawo angapo a buledi patsiku. Batala ndi kokonati musiye, mudye nsomba, mtedza, mapeyala, mafuta a olivi. Mwa anthu ngati inu amatsika msanga, pa masabata ochepa chabe. Tidzayezenso pakatha masabata asanu ndi limodzi."

Kochi anaseka kuseka kouma. "Ine ndidye buledi? Zaka zitatu ndikuuza anthu kuti buledi ndi poizoni, lero andione ndanyamula lofu?"

"Mukakana zimenezo, ndikulemberani mapiritsi otsitsa kolesitolo. Koma chimodzi mwa ziwirizi muchite. Amuna anunso muwauze kuti zotsatira zawo zija zinali zoona."

"Za m'nyumba mwanga ndikanena ndekha."

Kochi anatenga kapepala ka mankhwala kamene a Dokotala analemba, n'kukapinda kanayi. Ine ndinali nditaongola kale msana, kudikira mawu amodzi okha, pepani. Kochi anatembenukira kwa a Manijala ngati ine ndi kabati.

"Mvetserani. Zotsatira zanga n'zachinsinsi, si choncho? Wina akangotulutsa nambala imeneyi kunja, tikaonana kukhoti. Chachiwiri, anthu anga ndinawauza kuti mayiyu anasintha mabotolo. Akadzamupezanso pampando paja, adzandifunsa mafunso. Ndiye musankhe, iye kapena gulu langa."

Ndinayang'ana a Dokotala. Anati, "Zimenezi si chilungamo," koma ananena motsitsa, akuyang'ana pawindo. Chipatalacho sichinali chawo, ndipo anali atatsala chaka chimodzi kuti apume pantchito. A Manijala anayamba kukonzakonza mapepala amene anali okonzeka kale. Paja amati khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo mkhate wa a Manijala unali anthu makumi anayi aja.

Kochi atatuluka, a Manijala anandiikira kalata patsogolo. Inali yoti ndikusiya ntchito mwa kufuna kwanga, ndipo ndikuvomereza kuti mwina panali kulakwitsa pomata mapepala.

"Mawu akuti mwina ndaikamo ndine, kukuchitirani chifundo," anatero. "Mukasaina, ndikulemberani kalata yabwino yokafunira ntchito kwina. Mukakana, tikuchotsani pa mlandu wokangana ndi wodwala pamaso pa wodwala wina. Mboni zilipo."

"Bwana, mukudziwa kuti sindinalakwe."

"Ndikudziwa, Anti. Ndiye chikuvuta n'chiyani? Mulungu akudziwa, ine ndikudziwa, a Dokotala akudziwa."

Ndinakana. Ndinayenda milungu isanu, labu ndi labu, chipatala ndi chipatala. Kulikonse ankafuna kalata ya kumene ndachokera, ndipo m'malo awiri anandizindikira ndi chithunzi chija. Mtsikana wina wa pakauntala anachita kuitana mnzake kuti adzaone gogo wosintha mabotolo. Choonadi ndinali nacho m'kamwa, nambala imodzi yokha, koma kuitchula kukanandilanditsa chiphaso cha ntchito. Lamulo losunga chinsinsi cha odwala lomwe ndinalitsata zaka zonse zija ndi limene linanditseka pakamwa. Mlungu wachisanu ndi chimodzi ndinabwerera, n'kusaina. Nditatuluka ndinakasanza kuseri kwa galimoto ya a Manijala.

Kalata yabwino ija sinathandize kwenikweni. Ndinapeza ntchito kulabu ina kutali, yotsuka ndi kulongedza mabotolo. Singano sanandipatse. Nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu: batala anamwa Kochi, m'mimba munapota mwa ine.

Panatha pafupifupi chaka. Loweruka lina masana ndinali m'sitolo yaikulu, kumafiriji a mkaka, pamene wina anandiitana.

"Anti Singano!"

Anali bambo aja. Anali ataphwa ndithu, kolala ya shati ili lende, koma sanaoneke ngati munthu wosangalala. Anaika basiketi pansi n'kundigwira dzanja ndi manja awiri.

"Ndakhala ndikufuna ndikuoneni. Ndimafuna ndikuuzeni kuti ine ndinakukhululukirani. Munthu amalakwitsa. Akazi anga anapsa mtima chifukwa amandikonda, poti mukanandipha osadziwa."

Ndinangoti, "Zikomo, bambo."

"Mlandu unali wanga, Anti. Mabanzi aja. Ndinaulula zonse. Ndiye Loweruka lililonse amandiimika kutsogolo kwa gulu, ndifotokoze mmene kuba chakudya kunandifikitsira pa 9.4. Amandiuza ndikweze shati anthu aone. Poyamba ndinkachita manyazi, pano ndinazolowera. Kuntchito amandiimbira pavidiyo nthawi ya nkhomaliro, ndiwaonetse m'kamwa." Anaseka pang'ono, ine osaseka. "Koma amandisamala. Mapiritsi amakanditengera okha, sandilola n'komwe ndivutike kupita kuchipatala."

Anapisa m'thumba n'kutulutsa kabokosi. Anali mapiritsi otsitsa kolesitolo. Pamene pamakhala kapepala ka dzina la wodwala panali patakandidwa ndi chikhadabo, pangotsala zomatira zakuda ndi litsiro.

Apo ndiye ndinamvetsa zonse. Kochi ankakatenga mankhwala ake mwezi ndi mwezi kuti a Dokotala asamuvutitse, n'kumamwetsa amuna ake kuti bodza lisafe. Iye mwini sankamwa kanthu.

"Munayezetsanso magazi, bambo?"

"Akuti n'kutaya nthawi, tidzayezetsa ndikadzafika pa sikelo imene akufuna."

"Nanga mayi ali bwanji?"

"Amphamvu ngati kale. Gulu lakula, afika makumi asanu ndi awiri. Khofi wa batala pano amamwa kawiri patsiku. Kungoti atuluka timabala tachikasu apa," analoza pachikope, pafupi ndi mphuno. "Akuti n'zodzoladzola zinawawenga. Amapakapo ufa wa kumaso, sizioneka."

Ndinaima pamenepo, firiji ikulira kumbuyo kwanga. Panali mawu amene ndikanatha kunena osaphwanya lamulo lililonse. Bambo, pitani kwa dokotala wina, nokha, mukatenge kabokosi aka, mukayezetse. Basi. Akanadziwa kuti pakufunika kufunsa, mkazi uja akanakakamizika kuonana ndi dokotala, mwinanso dzina langa likanayera. Mawuwo anafika mpaka pamano.

Koma ndinaganiza za gulu lija. Ndani akanatumiza uthenga wachiwiri wonena kuti gogo uja sanalakwe? Kalata inali m'faelo, ndi saini yanga pansi pake. Munthu yekhayo amene akanapindula ndi pakamwa panga anali Kochi. Akanadya mbatata yake mobisa, nambala n'kutsika pa masabata asanu ndi limodzi, n'kukhala ndi moyo mpaka kukalamba, ine ndikutsukabe mabotolo. Za bamboyo ndinadzitonthoza kuti munthu wa shuga wa msinkhu wawo madokotala ambiri amamupatsa mapiritsi omwewo. N'zoona zimenezo, koma si chifukwa chake ndinakhala chete. Ndinakhala chete chifukwa ndinkamuda mkaziyo, ndipo ndimamudabe.

"Anti, mwangoti duu," anatero bamboyo. "Musadandaule, zinatha. Kungoti mukanangovomera tsiku lomwe lija, bwenzi zinthu zisanafike patali."

"Ndinavomera, bambo. Ndinasaina."

"Mwachita bwino. Mtima umapepuka ukavomera, ine ndikudziwa." Anatola basiketi n'kuyang'ana m'firiji, akukanda mutu. "Tandithandizani poti mwapezeka. Andituma batala wa khofi wawo, koma mitundu yachuluka. Ndikalakwitsa ndikalandira zanga. Wabwino ndi uti?"

Ndinatsegula chitseko cha firiji. Panali timapaketi ting'onoting'ono pamwamba, ena osakaniza ndi mafuta a mbewu pakati, ndipo pansi penipeni panali chibuma cha kilogalamu yathunthu, batala weniweni wopanda chosakaniza. Ndinawerama, msana n'kulira, ndinachinyamula ndi manja awiri.

"Uyu," ndinatero, ndikuika m'basiketi mwawo. "Tengani awiri, bambo, asamakutumeni pafupipafupi."